Lipoti la Msonkhano wa Zikalata za Umwini wa Malo ndi Mapu Ake

Wapampando ndi mamembala nonse a kopaletivi yathu, ndikupereka zimene ndinamva kumsonkhano umene munandituma ku Lilongwe, makamaka zokhudza malo amene tikufuna kugula kuti timangepo nyumba yosungiramo mbewu.

Otiphunzitsa anatsindika kuti chikalata chimene wogulitsa amasunga kunyumba chimangosonyeza zimene zinali m'kaundula tsiku limene chinatuluka, choncho tisanapereke ndalama tiyenera kulipira kafukufuku ku ofesi ya kaundula wa malo. Malinga ndi lamulo la kalembera wa malo la 1967, tsamba la puloti iliyonse lili ndi zigawo zitatu. Choyamba chimatchula nambala ya malo ndi kukula kwake, chachiwiri dzina la mwini wake, ndipo chachitatu chimaonetsa zomangika pamalowo, monga chikole cha ngongole ya kubanki kapena ufulu wa ena wodutsapo.

Pa maina anachedwapo, ndipo ine ndikuona kuti mpomwe tingagwere m'mavuto. Ngati malo analembedwa m'dzina la bambo amene anamwalira, mwana wake sangagulitse ngakhale abale onse atavomera pakamwa, kufikira atapeza chilolezo choyendetsera chuma chamasiye. Ngati alembedwa anthu awiri kuti ndi awo limodzi, onse ayenera kusayina, ndipo mmodzi akamwalira malo amatsalira winayo. Koma ngati aliyense ali ndi gawo lake lolembedwa, gawo la womwalirayo limalowa m'chuma chake chamasiye.

Kenaka anatigawira mapu achitsanzo a puloti ya mamita 40 m'lifupi ndi 50 m'litali, amene ndi masikweya mita 2,000, kapena mahekitala 0.2. Ngodya zake zinayi zinali ndi zilembo A, B, C ndi D, chilembo chilichonse chikuimira bikoni ya simenti yokwiriridwa pansi, ndipo sikelo inali 1:1,000, kutanthauza kuti sentimita imodzi papepala ndi mamita 10 pamalo. M'mphepete mwa mzere wa B mpaka C, wotalika mamita 50, munali mzere wodukizadukiza wosonyeza njira ya mamita 4 yopita kupuloti yakumbuyo. Njirayo imadya masikweya mita 200, amene ndi ako ndithu koma sungamangepo kapena kutchinga ndi mpanda, ndipo ufulu wa eni puloti yakumbuyo wodutsapo sutha malo akagulitsidwa. Omangapo amatsala 1,800, tisanachotse mpata umene khonsolo imafuna kuti usiyidwe kumalire.

Anatichenjezanso kuti mpanda wa njerwa kapena mzere wa khonje si umboni wa malire. Bikoni ikasowa, kapena mtunda wa pakati pa mabikoni awiri ukasiyana ndi wa pamapu, woibwezeretsa ndi woyeza malo wokhala ndi chiphaso, osati wogulitsa ndi tepi yake.

Ndikupempha komiti kuti ivomereze ndalama za kafukufukuyo ndi za woyeza malo, ndiponso kuti tsiku loyenda m'malire tidzaitane eni mapuloti oyandikana nawo.