Chimfine chisalepheretse mwana kulandira katemera

Akonzi,

Ndine namwino kuno ku Blantyre. Ndikufuna kulankhula ndi makolo amene amajombetsa mwana kusikelo ya katemera ati chifukwa ali ndi chimfine.

Mwana wa mamina, wotsokomola pang'ono kapena wofunda thupi pang'ono, koma akuyamwa bwino ndi kusewera, abayidwe tsiku lomwelo. Katemera sakulitsa matendawo, ndipo amagwirabe ntchito. N'chimodzimodzi mwana amene akuchira malungo kapena akumalizitsa mankhwala a chifuwa.

Timadikira pamene mwana wadwaladi: thupi latentha kupitirira madigiri 38.5, akukana bere, akusanza chilichonse, akupuma mobanika kapena wafooka. Ameneyo athandizidwe kaye, chifukwa tikamubaya sitingasiyanitse zizindikiro za matenda ndi za katemera. Akachira mubwere naye msanga. Timapitiriza pamene tinalekezera, sitiyambiranso.

Chondidetsa nkhawa ndi katemera wa chikuku wa pa miyezi 9. Nyengo yozizira ino mwana amachoka m'chimfine kulowa m'chinzake, mayi n'kumangoti mwezi wamawa, pamene chikuku sichichedwa kufala m'makomo mothithikana ngati ku Ndirande.

Amayi, tengani buku la kuchipatala, fotokozani mmene mwana wagonera, ife timuyeze. Ngati anatupa nkhope kapena kubanika atangobayidwa katemera wapitawo, nenani tisanamubaye.

Namwino wokhudzidwa,
Blantyre