Lipoti la msonkhano wokambirana za chipembedzo ndi malonda a ukapolo

A Tcheyamani, abale ndi alongo, ndabwerako kumsonkhano umene munandituma. Nkhani zinali zambiri, koma ndikufotokozerani imodzi imene inatenga nthawi yaitali, ya mkangano wa ku Mangalande m'zaka za 1787 ndi 1788, pamene ofuna kuthetsa malonda a akapolo ndi ofuna kuti apitirire ankatsutsana onse atagwira Baibulo.

Wokamba nkhani anayamba ndi mbali yochititsa manyazi. Mu 1788 Raymund Harris, amene kale anali wansembe wa Chijezuiti, anasindikiza kabuku ku Liverpool, doko limene linkatumiza zombo zambiri za akapolo, konena kuti Malemba amalola malondawa. Khonsolo ya mzindawo inamuthokoza ndi mapaundi 100. Sanapeke mavesi ayi. Anatenga Genesis 16, pamene mngelo anauza Hagara, mdzakazi wothawa, kuti abwerere kwa Sarai. Anatenganso Yosefe, amene pa Genesis 47 anagulira Farao Aigupto nthawi ya njala. Ena a maganizo amenewo ankawonjezera Levitiko 25:44-46 ndi Aefeso 6:5, komanso temberero la Nowa. Ili lokha ndi losavuta kuligwetsa, chifukwa pa Genesis 9:25 wotembereredwa ndi Kanani, osati Hamu, ndipo khungu silikutchulidwa n'komwe. Mavesi enawo ngovuta, ndipo m'chipindamo anthu anayamba kusakhazikika pamipando atawerengedwa mokweza.

Mayi wina anafunsa kuti nanga otsutsa ukapolo anayankha bwanji. Yankho linali lakuti pongoponyerana mavesi sakanapita patali, choncho anasintha funso. M'malo molimbana ndi zoti kodi m'Baibulo munali akapolo, anafunsa kuti anthu odzaza m'zombowa anapezeka bwanji. Eksodo 21:16 amati wakuba munthu n'kumugulitsa aphedwe, ndipo 1 Timoteo 1:10 amaika akuba anthu m'gulu la osamvera malamulo. Ngati Mwafirika wa m'chombo anachita kugwidwa kwawo, ndiye kuti nkhani ya Hagara siikumukhudza, limene likumukhudza ndi lamulo la kuba munthu. Koma pamenepa pankafunika umboni, ulaliki wokha sukanakwana.

Umboniwo anausonkhanitsa ndi komiti imene inakhazikitsidwa ku London mu 1787. Inali ya amuna 12, ndipo 9 mwa iwo anali a mpingo wa Quaker. Iwowa sankatha kulowa m'Nyumba ya Malamulo, motero anadalira Aangilikani monga William Wilberforce kuti akawalankhulire. Thomas Clarkson anayenda m'madoko a Bristol ndi Liverpool akufunsa amalinyero. Ku Liverpool anagula m'sitolo unyolo wa m'manja ndi m'miyendo, chitsulo chofinyira zala, ndi china chokanulira pakamwa pa kapolo wokana kudya. Zinkagulitsidwa poyera. Kenako kunatuluka chithunzi cha chombo cha Brookes, choonetsa anthu opitirira 450 atagonekedwa mothithikana ngati nkhuni, pomwe ulendo wina chisanafike chaka cha 1788 chinanyamula opitirira 600. John Newton, amene anali m'busa koma kale kaputeni wa chombo cha akapolo, naye anaulula zimene anaona m'kabuku ka mu 1788. Tisaiwale kuti iyeyu anapitiriza malondawa mpaka 1754, patatha zaka atatembenuka mtima mu 1748.

Pamene tinasiyana maganizo ndi apa. Abusa ena ankafuna kuti chikalata cha msonkhano chinene kuti mpingo ndiwo unathetsa ukapolo. Ine ndinakana, ndipo sindinali ndekha. Bungwe la utumwi la Angilikani linalandira minda ya nzimbe ya Codrington ku Barbados mu 1710, ndipo kwa nthawi ina akapolo ake ankadindidwa chizindikiro cha bungwelo pachifuwa ndi chitsulo chamoto. Lamulo la 1807 linaletsa malonda okha, amene anali kale akapolo anakhalabe akapolo. Kumasulidwa kunadza ndi lamulo la 1833, Samuel Sharpe, dikoni wa Baptist yemwenso anali kapolo, atatsogolera kuukira ku Jamaica mu 1831 n'kupachikidwa chaka chotsatira. Chipukutamisozi cha mapaundi 20 miliyoni chinapita kwa eni akapolo. Chikalata cha msonkhano chija chinakonzedwa, tsopano chikuti Akhristu anali mbali zonse ziwiri.

Gulu lililonse lapemphedwa kuwerenga Levitiko 25:44-46 pamodzi ndi Eksodo 21:16, ndi kulemba m'mene likuwamvera msonkhano wotsatira usanafike. Ndikupempha a Tcheyamani kuti atipatse tsiku, ndipo tisankhe munthu wolemba, chifukwa ndikudziwa kuti tikatsutsana.