Lipoti la maphunziro a ku Tete olemba zifukwa za imfa

Anzanga ogwira ntchito m'mawodi kuno ku Angoniya, ndabwerako kumene munandituma. Tsiku loyamba linathera malonje ndi mbiri ya buku la manambala a matenda, CID-10. Zimenezo tikambirana tikapeza mpata. Chimene chinandigwira mtima ndi fayilo imene anatipatsa kuti tiyeserepo, chifukwa inali yosokonekera ngati athu omwewa.

Bambo wa zaka 38 anagonekedwa akutsokomola kwa miyezi iwiri. Tsamba lachiwiri likunena za shuga wake wakalekale. Tsiku lachinayi makhololo anasonyeza TB ya m'mapapo. Mzere womaliza unali wakuti anatsokomola magazi ambiri, patatha ola limodzi mtima unaima. Kumbuyo kwa fayilo kunali kadi yosonyeza kuti anapezeka ndi HIV zaka zitatu zapitazo ndipo anasiya ma ARV.

Ophunzira ambiri analemba chikalata cha zifukwa za imfa motsata masamba a fayiloyo. Vuto lili pamenepo: fayilo imasonyeza tsiku limene tinatulukira matenda, osati limene anayamba. Aphunzitsi anati tiyambe tatola matenda onse papepala lapadera, aliwonse ndi nthawi imene munthu wakhala nawo, kenako tiyambire pa imfa kubwerera m'mbuyo, tikufunsa kuti chinabweretsa ichi n'chiyani.

Pa Gawo 1 la chikalatacho, mzere a ndi kutsokomola magazi ambiri, ola limodzi. Mzere b ndi TB ya m'mapapo, miyezi iwiri. Mzere c ndi HIV, zaka zitatu, ndipo d ukhala wopanda kanthu. Mzere womaliza kulembedwa ndiwo gwero la imfa limene amawerengera ku unduna. Ukaona nthawi ikuchepa potsika, dziwa kuti wasemphanitsa mizere. Shuga apita ku Gawo 2: anathandizira kumufooketsa, koma sali mu unyolo umenewu. Za kuima kwa mtima sizilembedwa paliponse, pakuti aliyense womwalira mtima wake umaima.

A pamaphunzirowo anagwirizana kuti mzere uliwonse uzikhala ndi nthenda imodzi yokha, ndipo ine ndikuvomereza. Koma nthawi ya nthenda iliyonse tiitenga kuti ngati ogwira usiku salemba ola kapena tsiku? Nkhaniyi ndinaidandaula pamsonkhano wathu wapitawu, mpaka lero palibe yankho. Ndiponso amene amasaina chikalata m'mawa nthawi zambiri sanamuonepo wodwalayo. Iye akhulupirira tsamba lapamwamba, kadi ya kumbuyo ija osaiona.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mumasiya mzere c achibale akakupemphani kuti HIV isaoneke. Chisoni chawo ndimachimva, anthuwa timapemphera nawo limodzi. Komabe tikatero, bambo uja awerengedwa kuti anafa ndi TB yokha, ndipo zoti anasiya mankhwala palibe amene azifufuze. Ndikupempha a mkulu wa chipatala kuti tikhale pansi Lachisanu, aliyense abwere ndi mafayilo awiri a mwezi watha, tiwalembenso pamodzi. Malisiti a ulendo ndapereka kale ku ofesi.