Kwa a kampani ya pulogalamu yathu ya maakaunti: sapulaya mmodzi, makhadi atatu

Mabwana, tikulemba poyera chifukwa pa foni mumangoti mukuliona vuto la makhadi obwerezali. Ndife a maakaunti ndi ogula katundu m'mahadiweya a ku Graniteside ndi Msasa kuno ku Harare. Pulogalamu yanu imalola aliyense wokhala ndi pasiwedi kutsegula khadi latsopano la sapulaya, kasitomala kapena katundu popanda wolivomereza.

Taonani za sapulaya wina wa simenti. Khadi lake loyamba lili ndi nambala yakale ya msonkho yotchedwa BP. A ZIMRA, bungwe lotolera msonkho, atabweretsa pulogalamu yawo yatsopano ya TaRMS mu 2023, kalaliki anamutseguliranso lina la nambala yatsopano ya msonkho yotchedwa TIN, dzina likuthera ndi `P/L` m'malo mwa `(Pvt) Ltd`. Ndalama yatsopano ya ZiG itabwera mu 2024, aophunzitsa anu omwe anatiuza kuti titsegule lachitatu, poti khadi limodzi silinyamula ndalama za mitundu iwiri.

Chikalata cha ITF263, chosonyeza kuti sapulaya alibe vuto ndi a msonkho, chinaikidwa pa khadi limodzi lokha. Invoisi ya madola 2,000 italowa pa khadi lina, pulogalamu inamuona ngati wopanda chikalata, n'kudula 30 peresenti ya msonkho. Madola 600 anapita, sapulaya n'kuimitsa lole. Choipa kwambiri n'chakuti pulogalamu imafufuza invoisi yobwereza mkati mwa khadi limodzi basi. Ikalowa pa makhadi awiri imalipidwa kawiri, ndipo zimadziwika pokhapokha tikafananiza ndi sitetimenti ya sapulaya pakutha pa mwezi.

Kupeza makhadi obwerezawa sikovuta:

```sql
SELECT tin, COUNT(*) FROM suppliers
GROUP BY tin HAVING COUNT(*) > 1;
```

Koma makhadi opanda TIN amangounjikana pamodzi osasonyeza kuti mnzake ndi uti, ndipo inu mumalola bokosilo kusiyidwa lopanda kanthu.

Zomwe tikufuna ndi izi: kaundula aliyense akhale ndi mwini wake. Wa masapulaya ndi wa a maakaunti, wa makasitomala ndi wa oyang'anira ngongole, wa katundu ndi wa mkulu wa sitoko. Wopempha khadi asakhale yemweyo wolivomereza, makamaka posintha akaunti ya kubanki, pakuti akuba amalowera pomwepo. TIN ikhale yokakamiza kwa sapulaya wolembetsedwa, ndipo ikapezeka kale pulogalamu ikane, osati kungochenjeza. Chenjezo anthu amangodina n'kupitirira. Pulogalamu isanafananize mayina iziyamba yachotsa madontho, mipata ndi `(Pvt) Ltd`, ndipo izidziwa kuti `077` ndi `+26377` ndi foni imodzi. Ku katundu nakonso, simenti ya makilo 50 isakhale thumba pa khadi ili, makilo pa linalo.

Musatiuzenso kuti tingofufuta makhadi owonjezerawo. Ali ndi maoda ndi malipiro omwe owerengera mabuku adzawafuna. Tikufuna njira yowaphatikiza: mbiri yonse isamukire pa khadi lotsala, enawo atsekedwe koma azioneka, ndipo zilembedwe kuti waphatikiza ndani, liti. Tiuzeni pompano tsiku lomwe zimenezi zidzalowe mu pulogalamu.