Anti, ndimulembere chani bebi wanga pa chaka chathu choyamba popanda kumuopseza?

Zikomo Anti,

Ndine mtsikana wa zaka 26, ndili pa chibwenzi ndi mnyamata wina wake ndipo Lachisanu likubwerali tikwanitsa chaka chimodzi. Ndikufuna kumutumizira meseji ya anivesale pa WhatsApp, yoti akawerenga amwetulire yekha, amve kuti ndimamufuna, mtima umugunde pang'ono, koma asaone ngati ndayamba kumukumbutsa za ukwati. Ena anena kuti ndi nkhani yaing'ono koma ine ikundivuta zenizeni, chifukwa munthuyu ndimamukonda ndipo ndikufuna tsikuli limukomere.

Ndikuuzeni kaye mmene alili kuti mundimvetse. Ndi munthu wofatsa, chikondi chake chimaoneka pa zochita osati pakamwa. Amandiperekeza, amaimba kufunsa ngati ndafika bwino, ndikadwala sagona, koma mawu akuluakulu achikondi amamusowetsa poyambira. Nthawi ina ndinadwala iye n'kundisamalira kwambiri, nditachira ndinamulembera meseji yaitali yomuthokoza, ya pansi pa mtima ndithu, anaiwerenga nthawi yomweyo chifukwa timizere tija tinasanduka tabuluu, koma yankho linabwera mochedwa ndipo linali lakuti "Zikomo bebi, nanenso" basi. Madzulo ake anabwera kudzandiona ali wosangalala bwinobwino, nde ndinadziwa kuti sanakhumudwe, anangosowa choyankha. Komanso anandiuzapo kuti chibwenzi chake chakale chinatha chifukwa ankafunsidwa pafupipafupi kuti tikulowera kuti, ukundikwatira liti, mpaka anayamba kuopa foni ikalira. Ife macheza athu ndi oseleulana, timaseka kwambiri, ndipo ndi mmene timamvanirana.

Nde meseji yoyamba yomwe ndinalemba inali iyi: "Wokondedwa wanga, lero takwanitsa chaka. Iwe ndiwe moyo wanga, popanda iwe sindingakhale. Ndikulonjeza kukukonda mpaka imfa idzatilekanitse, ndipo ndikudikira tsiku lomwe tidzakhale nyumba imodzi." Anti, mawu onsewa ndi oona, ndi mmene ndimamvera. Koma nditaiwerenga mokweza ndinaona kuti mzere uliwonse ukukamba za kutsogolo, palibe ngakhale umodzi womwe ukukamba za chaka chomwe tadutsachi, komanso mzere uliwonse ukufuna yankho lalikulu chimodzimodzi. Munthu akakuuza kuti popanda iwe sangakhale, uyankha kuti chani uli pa ntchito m'mawa? Ukangoti nanenso zioneka ngati wapeputsa, ukafuna kufanana naye ndiye kuti uyambe kulonjeza zinthu zomwe mwina simunakambirane pamaso. Ine ndaona kuti chomwe chimalemetsa meseji si kutalika kwake kokha ayi, koma malonjezo ndi mawu ngati mpaka kale, mpaka imfa, moyo wanga wonse. Za tsogolo ndikufuna tidzakambe, inde, koma titakhala pansi tikuonana nkhope, osati ndizizembetse mkati mwa meseji ya chikondwerero.

Kenako ndinayesa yaifupi: "Hepi anivesale bebi, chaka chatha eti!" ndi kamtima kumapeto. Iyi sikuopseza munthu, koma mulibe ine, mulibenso iyeyo. Mtsikana aliyense atha kutumizira mnyamata aliyense. N'chimodzimodzi zija anthu amakopera pa intaneti, mawu ake osalala koma munthu amene amacheza nawe tsiku ndi tsiku amadziwiratu kuti awa si mawu ako, makamaka ngati simulankhulana Chingelezi chotero masiku onse.

Mnzanga wina anati ndisavutike, ndingomutumizira yotentha, yofotokoza zomwe ndikufuna tidzachite, ndi kachithunzi pamwamba. Ndinakana. Sikuti ndikunyoza amene amatero, koma foni ya bebi wanga imakhala pa desiki ku ntchito ndipo meseji ikalowa mawu oyambirira amaonekera pa sikirini ngakhale ili yokiya, kunyumba kwawo nako ana a achemwali ake amaitenga kuseweretsa magemu. Komanso chinthu ukatumiza chatuluka m'manja mwako, wina atha kujambula sikirini, ndipo ngakhale uchifufute pa WhatsApp pamatsala chizindikiro choti pafufutidwa meseji, nde munthu amayamba kufunsa kuti unalemba chani. Ine ndikufuna kukopa kwake kukhale koti iye amve zonse, koma wina akawerenga mwangozi ndisachite manyazi kukumana naye.

Yomwe ndili nayo pano, yomwe ndikufuna mundionere, ndi iyi:

"Bwana, lero chatha chaka chikulolereni. Ndimakumbukabe mmene munkaseweretsera wotchi yanu tsiku lija, mawu akukana kutuluka. Mpaka pano mukandiyang'ana muja mumachitiramu ndimaiwala zomwe ndimafuna kunena. Chaka chimenechi chandikomera chifukwa cha inu. Madzulo ano muvale shati ya buluu ija, ndili nanu mawu osayenera pa foni."

Ndifotokoze chifukwa chake ndaiyala chonchi. Ndayamba ndi bwana ndi inu chifukwa masiku onse timatchulana kuti iwe, inu ndimamutchula ndikafuna kumuseleula, nde akangoona mawu oyambawo adziwa kuti ndabwera ndi nthabwala osati mlandu. Nkhani ya wotchi ndi yathu awiri, palibe wina akuidziwa. Tsiku lomwe ankandifunsira anali akuimasula n'kuimanganso, maso ali pansi, ndipo ine ndinamukondera zomwezo chifukwa ndinaona kuti sakusewera. Mzere wa kuyang'ana uja nde wokopa, ukumuuza kuti amandisokonezabe mutu koma sukutchula thupi. Mzere wofunda ndasiya umodzi wokha, uja woti chaka chandikomera chifukwa cha iye, ndipo ukuloza zomwe zachitika kale, sukupempha kanthu. Pomaliza ndamupatsa chinthu chosavuta kuyankha, atha kungoti shati ndaisita kale, kapena kufunsa kuti nthawi yanji, macheza n'kuyambika.

Koma pali malo atatu omwe akundikayikitsa. Oyamba ndi mawu akuti ndili nanu mawu. Ine ndikutanthauza zokoma, koma mukudziwa mmene anyamata amachitira akamva kuti tikufunika tikambirane, mtima umapita kutali, ndipo uyu ndi mbiri yake ija atha kukhala tsiku lonse akuganiza kuti walakwa chani kapena kuti ndikufuna kumufunsa za ukwati. Pa meseji palibe nkhope kapena mawu a pakamwa oti amve kuti ukuseka. Ndaganiza zosintha kuti ithe chonchi: "Madzulo ano muvale shati ya buluu ija, ndikufuna ndidzakuyang'aneni bwinobwino." Imeneyi ndi yofatsa koma sindikudziwa ngati ikukoka mtima ngati inayo. Kapena ndisiye yoyambayo n'kuikapo kaemoji kotsinzina diso limodzi kuti adziwe kuti ndi zabwino? Timaemoji sindikufuna tichuluke, kamodzi kapena tiwiri basi, chifukwa mitima ikadzadza mzere wonse mawu ako saonekanso.

Achiwiri ndi nkhani ya wotchi yomweyo. Ine ndikuikumbuka mwachikondi koma ndikukumbutsa mwamuna za tsiku lomwe anali ndi mantha. Tinasekapo nkhaniyi ndipo iye anaseka nawo, nde ndikuona ngati ili bho, koma kuseka tili limodzi n'kosiyana ndi kuiwerenga ali yekha. Kodi nthabwala yotere imakopa kapena imachepsa munthu? Ndaonetsetsa kuti mzere wotsatira ukhale woti nanenso ndimasowa mawu akandiyang'ana, kuti aone kuti kusowa mawuko n'kwa tonse awiri.

Achitatu, mu meseji yonseyi mulibe mawu akuti ndimakukonda. Timauzana ndithu, si achilendo pakati pathu, koma ndinawachotsa poganiza kuti ndidzamuuza pamaso madzulo. Pano ndikuopa kuti mwina pa tsiku ngati limeneli akawasowa adzaona ngati ndazizira. Ndiwaike kumapeto mwachidule, kapena awononga kupepuka komwe ndikufunaku?

Palinso nkhani ya tsiku lenilenilo. Ine ndikuwerenga kuyambira tsiku lomwe ndinamulola, koma tinadziwana kale pang'ono zisanafike pamenepo, ndipo sitinakhalepo pansi kugwirizana kuti anivesale yathu ndi iti. N'kutheka iye akuwerenga tsiku lomwe tinakumana, n'kuthekanso kuti sakuwerenga n'komwe, si munthu wosunga madeti. N'chifukwa chake ndalemba kuti chikulolereni, kuti meseji yokhayo imuuze tsiku lomwe ndikunena popanda kumufunsa kuti ukukumbuka lero ndi tsiku lanji. Funso limenelo sindilifuna, ndi mayeso, ndipo akalephera tsiku lonse lawonongeka. Koma mwina ndi bwino ndimutsine khutu Lachitatu kuti Lachisanu madzulo asapange pulogalamu ina? Apo ayi nditha kumuitana avale shati ya buluu iye ali ndi zochita kale, n'kuyamba kudziimba mlandu.

Za nthawi yotumizira, anzanga akuti 12 koloko usiku kuti ndikhale woyamba, koma iye amagona msanga ndipo meseji ya pakati pa usiku kwa ine imaoneka yolemera, ngati ndakhala maso kudikira. Ndikuganiza za m'mawa asanayambe ntchito, kuti ayende nayo mu mtima tsiku lonse mpaka tionane. Ndaganizaponso zoijambula mawu, chifukwa akamva ndikuseka vuto la ndili nanu mawu lija litheratu, koma mawu ojambula sangawamvere pa gulu, pomwe yolemba atha kuiwerenga mwakachetechete n'kuibwerezanso nthawi ina. Pa sitetasi sindiika kanthu tsiku limenelo pokhapokha iye atafuna, chifukwa kumeneko kumakhala kuuza anthu osati iyeyo, ndipo zingamupanikize kuti nayenso aike.

Nde Anti ndithandizeni. Mzere womalizawo ndisankhe uti, ndimakukonda ndimuike kapena ndimusungire madzulo, ndipo ndimudziwitsiretu za tsikuli kapena meseji ingomufikira Lachisanu m'mawa? Komanso akadzangoyankha kuti "Zikomo bebi, nanenso" ngati kale lija, ndidzapitirize bwanji macheza kuti asaone ngati ndakhumudwa? Ngati pali mawu mu mesejiyi omwe mukuona kuti kwa mwamuna amveka mosiyana ndi mmene ine ndikuwamvera, chonde ndiuzeni Lachisanu lisanafike.

Ine wanu,
Mtsikana wofuna malangizo