Ndinamuuza zimene ndinaona pa tchati chake, tsopano akufuna kubweza malowolo

Okondedwa Alangizi,

Ndikulemba kalatayi usiku anthu onse m'nyumba muno atagona, chifukwa Loweruka likubwerali ndiyenera kukumana ndi mtsikana wina pamodzi ndi azakhali ake, ndipo mawu oti ndikawauze akundisowa. Ndine mayi wokhala ku Mzuzu kuno, masana ndimagwira ntchito ya mu ofesi imene sindiitchula, koma madzulo ndimawerengera anthu matchati a kubadwa kwawo potengera malo amene mapulaneti anali pa tsiku limene iwo anabadwa. Kutchalitchi kwathu sadziwa zimenezi, ndipo chonde musandiyankhe ndi Yesaya 47, popeza ndimeyo amuna anga anandiwerengera kale mokwanira. Funso langa ndi lina.

Pa ntchito yathuyi timayeza mtunda wa pakati pa mapulaneti awiri pa bwalo la madigiri 360. Akatalikirana ndi madigiri 120 kapena 60, mabuku amati zinthu zimene mapulanetiwo amaimira zimayenda mogwirizana. Koma akatalikirana ndi madigiri 90, chimene timachitcha sikweya, kapena akayang'anizana pa madigiri 180, timati pamenepo pali kukokanakokana, ndipo amenewa ndiwo malo ovuta amene aliyense wobwera kwa ife amawaopa. Pulogalamu imene ndimagwiritsa ntchito pa foni imajambula malo ovutawa ndi mizere yofiira, ndipo munthu akangoona kufiirako nkhope yake imasintha ine ndisanatsegule pakamwa.

Mtsikana ndikunenayu amagulitsa zovala za kaunjika mumsika, ndipo anabadwa pakati pa mwezi wa Ogasiti 1996. Nthawi imene anabadwira saidziwa, mayi ake amangoti kunali kusanache. Ndinamuuza poyambirira kuti popanda nthawi yeniyeni sindingalankhule za nyumba za tchati, zimene ndi zigawo zoimira mbali zosiyanasiyana za moyo wa munthu, kuphatikizapo nyumba yachisanu ndi chiwiri imene ndi ya ukwati, chifukwa poyambira nyumbazo pamasuntha ndi digiri imodzi pa mphindi pafupifupi 4 zilizonse. Zimenezi anthu aziiwala, koma ndinanena. Bwalo lija timaligawa m'zizindikiro 12 za madigiri 30 chilichonse, ndipo chimene chinaoneka popanda kukayikitsa ndi chakuti Vinasi, imene kwathu timati nthanda, inali pa digiri 6 m'chizindikiro cha Nkhanu, pamene Sateni inali pafupi ndi digiri 7 m'chizindikiro cha Nkhosa. Mtunda wake ndi madigiri 89, kungoperewera imodzi kuti sikweya ikwanire ndendende, ndipo ambiri a ife timaiwerengabe ngakhale itaphonya ndi madigiri 6 kapena 8. Komanso Jupita inali pa digiri 8 m'chizindikiro cha Mbuzi, moyang'anizana ndi Vinasiyo, kotero kuti atatuwa anapanga mizere yofiira itatu yolumikizana. Kuwonjezera apo, Sateni imabwerera pamene inali munthu akubadwa pakatha zaka 29 ndi theka, ndipo kwa iyeyu zimenezi zikugwera mu 2026, kutanthauza kuti ikhudzanso sikweya yomweyo.

Iye anandifunsa funso limodzi lokha. Anati, “Asisi, kodi ukwati wangawu ukhala?” Akuchimuna anali atapereka kale gawo la malowolo, ndipo tsiku la ukwati linali likukambidwa.

Mawu amene ndinayankha ndikuwakumbukira bwino. Ndinati mabuku amati Vinasi imaimira chikondi ndi mmene munthu amadzionera kufunika kwake, pamene Sateni imaimira malire, kuchedwa, mantha ndi udindo, ndipo ziwirizi zikakhala pa sikweya munthu amavutika kukhulupirira kuti akukondedwa, amayesa mnzake kawirikawiri, kapena amazizira mumtima pamene akufunitsitsa kuyandikira. Ndinamufunsa ngati zimenezi amaziona pa moyo wake, ndipo anayamba kulira, nandiuza za ubwana wake zimene sindingazilembe pano. Ndinapitiriza kunena kuti mabuku omwewo amati anthu oterewa akakhazikika amakhala okhulupirika kwambiri, ndipo chikondi chawo chimakhwima mochedwa koma chimalimba. Ndinanenanso kuti kuyang'anizana kwa Vinasi ndi Jupita, ngakhale kuli m'gulu la malo ovuta, vuto lake ndi kupatsa mopitirira muyeso ndi kuyembekezera zambiri kwa munthu, osati tsoka. Pomaliza ndinati chaka cha 2026 chidzayesa chibwenzicho, ndipo chimene chili cholimba chidzatsala.

Kuipa kwa mawu amenewa kuli pati? Sindinanene kuti ukwati utha. Sindinatchule imfa, matenda kapena kusabereka, zinthu zimene ndinadziletsa kuzilosera kuyambira kale, chifukwa tchati si chipatala ndipo sayansi siivomereza kuti mapulaneti amalamulira zochitika pa moyo wa munthu. Ine ndimaona tchati ngati njira yothandizira munthu kulankhula zimene zili mumtima mwake. Koma iye atafika kunyumba anandipempha kuti ndimujambulire mawu pa foni kuti azimvetsera, ndipo ndinatumiza mauthenga atatu. Woyamba unali wa zovuta, wachiwiri wa mphamvu zake, wachitatu wa zimene angachite. Iye anatumiza woyamba wokhawo kwa azakhali ake, azakhaliwo anaupereka kwa ankhoswe, ndipo pofika Lamlungu nkhani inali yakuti mayi wina wa ku Luwinga waona minyama pa mwana wawo. Liwu lakuti minyama silinatulukepo pakamwa panga. Tsopano mtsikanayo sakudya bwino, sakuyankha foni ya bwenzi lake, ndipo akuti malowolo abwezedwe mnyamatayo asanavutike naye.

Azakhaliwo anabwera pakhomo panga mvula yowaza ikugwa, ndipo anakana kulowa m'nyumba, anakananso mpando umene ndinawatulutsira pakhonde, nalankhula ataimirira kuti anthu oyandikana nafe amve. Anati, “Amayi, inu ndinu mwamulodza mwanayu ndi pakamwa panu.” Anafunanso kuti ndibweze K10,000 imene mtsikanayo analipira, ndipo ndinabweza, ngakhale kuti ndinakhala naye maola awiri, ndinamuphikira tiyi, ndipo ya kabaza yobwerera ndinamulipirira ndine. Ndalamayo sikundipweteka. Chikundipweteka ndi chakuti ndikanamuuza zabodza zokoma, lero bwenzi akundiyamika.

Komatu njira ya zokomayo ndinaiyesapo kale, ndipo inandiwotcha. Bambo wina amene Sateni inali kudutsa moyang'anizana ndi Dzuwa la pa tchati chake anandifunsa za ngongole yogulira minibasi. Poopa kumufooketsa ndinangomuuza kuti akulowa m'nyengo yophunzira ndi yokhwima, osatchula kuti mabuku amachenjeza za kupanikizika ndi kuchedwa kwa zinthu pa nthawi yotere. Minibasiyo itamuvuta, anapita kwa munthu wina amene anamuonetsa mzere wofiira womwewo, ndipo anabwera kudzandifunsa chifukwa chimene ndinamubisira. Mwina minibasi ikanavuta ndithu ngakhale popanda Sateni, poona mmene mafuta ndi zipangizo zakwerera mtengo, koma iye anali ndi ufulu womva zonse zimene ndinaona. Ndiye ndikabisa ndine wabodza, ndikanena ndine mfiti.

Chimene ndazindikira ndi chakuti anthu athu akamva za nyenyezi amamva ngati akumva kwa sing'anga kapena kwa mneneri, kumene mawu amakhala chigamulo, ndipo chotsatira chake ndi kufufuza amene wachititsa ndi amene angachotse. Ine ndikamati pali kukokanakokana mumtima mwanu, iwo amamva kuti pali chinthu chimene chinaikidwa pa iwo. Mtsikanayu anandifunsa kuti alipire zingati kuti sikweyayo ichoke. Ndinamuuza kuti siichoka, chifukwa ndi chithunzi chabe cha mmene kumwamba kunalili tsiku limene anabadwa, ndipo ndikuganiza kuti yankho limeneli ndi limene linamuthyola mtima, ngakhale kuti ndi loona ndipo kunena mwina kukanakhala kumubera.

Pali mfundo imodzi imene ndikufuna kukayamba nayo Loweruka, ndipo ndikupempha mundiuze ngati ingathandize. Vinasi imayenda pafupifupi digiri imodzi pa tsiku, pamene Sateni pa masiku ochepa imakhala ngati yaima, choncho mwana aliyense amene anabadwa m'masabata awiri amenewo a Ogasiti 1996, kaya ku Mzimba, ku Lilongwe kapena kutsidya kwa nyanja, ali ndi sikweya yomweyi. Sizingatheke kuti onsewo maukwati awo athe. Chimodzimodzinso kubwerera kwa Sateni kumafikira munthu aliyense wokwanitsa zaka 29, ndipo kukhudza kwake kwenikweni kumatenga miyezi, kenaka imapitirira. Azakhaliwo nawonso anadutsamo osadziwa. Ndikuganiza zowaonetsa tchati changa chomwe, chimenenso chili ndi mizere yofiira yake, kuti aone kuti matchati opanda malo ovuta ndi osowa kwambiri. Koma ndikuopa kuti akandifunsa kuti, ngati zili choncho, ndinatchuliranji, ndipo ndinalandiriranji ndalama.

Ndaganizanso zosintha kalankhulidwe. Mwina ndiziyamba ndi zimene munthu ali nazo zolimba, zovuta zizibwera pakati, ndipo ndisamutulutse pakhomo asanandibwerezere ndi mawu ake zimene wamva, chifukwa mtsikanayu akanandibwerezera ndikanagwira msanga kuti wamva tsoka pamene ine ndinanena mantha. Mauthenga a mawu ndikufuna kuwasiyiratu, kapena ndizitumiza umodzi wosadukiza. Mizere yofiira ija ndingathenso kuisintha mtundu kapena kusaionetsa kumene, koma kodi kumeneko sikubisa kumene? Nanga liwu lakuti chidzayesa, limene ndinaliona ngati lofatsa, ndilisinthe ndi liti lomwe silingamveke ngati ulosi? Amuna anga akuti vuto si mawu, vuto ndi lakuti ndinavomera kuwerengera munthu amene anabwera kale ndi mantha, ukwati uli pafupi. Mwina akunena zoona, koma iwo sanaone mmene mtsikanayo anachondererera, ndipo ndikanamubweza akanapita kwa ena amene akanamuuza zoopsa zenizeni ndi kumugulitsa mankhwala.

Alangizi, ndithandizeni. Kodi munthu akafunsa kuti inde kapena ayi pa nkhani ngati ya ukwati, ndingakane bwanji kuyankha popanda iye kuganiza kuti ndaona choopsa chimene ndikuopa kunena? Kodi Loweruka ndilankhule ndi mtsikanayo payekha kaye, kapena kutero kudzaoneka ngati kunyoza azakhali ake? Ndimuuze mwachindunji kuti asathetse ukwati chifukwa cha tchati, kapena pamenepo ndikhala ndikumusankhiranso zochita? Ndipo popeza sakudya ndiponso sakugona, kodi ndi udindo wanga kuuza achibale ake kuti apite naye kukaonana ndi aphungu a kuchipatala, iwo akundiona kale ngati ine ndiye gwero la matendawo?

Ine wothedwa nzeru,
Mayi wa ku Luwinga, Mzuzu