Lipoti la msonkhano wa ku Limbe: nyimbo, zithunzi ndi zizindikiro za eni potsatsa malonda

Amayi ndi abambo a gulu lathu la osoka zovala ku Ndirande, msonkhano womwe munatituma uja tinapitako, ndipo zomwe tatengako ndi izi.

Chitsanzo chomwe chinakambidwa kwambiri chimatikhudza tonse: kavidiyo ka masekondi 30 kotsatsa diresi la ukwati pa Facebook, kokhala ndi nyimbo yomwe yavuta mtauni.

Nyimbo imodzi imakhala ndi umwini wa mitundu iwiri. Pali amene anapeka mawu ndi maimbidwe ake, palinso mwini wa nyimbo yojambulidwayo, yemwe nthawi zina ndi situdiyo kapena kampani yomwe inalipira. Choncho woimba atha kukuuzani kuti "ikani basi", koma mwini winayo n'kudandaula. Poyambira pabwino ndi ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso motsatira lamulo la 2016, kuti akuuzeni eni ake ndi chilolezo chofunika.

Tisanamizane kuti kachidutswa kakafupi n'kaulere. Kulemba kuti "nyimboyi si yanga" sikuthandizanso, chifukwa kutchula mwini si kupempha. Facebook ili ndi njira yozindikira nyimbo zomwe eni ake analembetsa. Mudzadziwa kuti zavuta vidiyo ikangoti zii, mawu osamveka, kapena ikachotsedwa. Madandaulo akachuluka, tsamba lonse litha kutsekedwa, makasitomala omwe munawasonkhanitsa kwa zaka n'kubalalika. Amene alibe ndalama ya chilolezo asankhe nyimbo mu Sound Collection, nkhokwe ya nyimbo zaulere ya Facebook yomweyo, koma chilolezo chake sichifika ku TikTok.

Pa chithunzi cha mkwatibwi atavala diresi lomwe mwasoka, pemphani anthu awiri: wojambula ndi mkwatibwiyo. Musafufute dzina la wojambula lomwe lili pakona. Chilolezo chikhale cholembedwa, ngakhale pa WhatsApp, ndipo chitchule chithunzi chake, pomwe chiikidwe, kwa miyezi ingati, ndi malipiro ngati alipo. Uthengawo muusunge, poti mawu apakamwa amakanidwa.

Chomwe chinatikhudza kwambiri n'chokopera chithunzi cha diresi la telala wina n'kulemba kuti "timasoka". Kasitomala amabwera ndi chithunzicho pafoni, amapereka dipoziti, ndipo pa tsiku loyesa amapeza kuti khosi ndi mapindiro sizikufanana. Ameneyo sabweranso, ndipo akauza anzake onse a kutchalitchi.

Za zizindikiro sitinakhalitsepo. Kulemba kuti mumalandira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba n'kunena zoona, koma musaike chizindikiro chawo ngati kuti akuthandizira bizinesi yanu. Cha MBS, bungwe loona za ubwino wa katundu, ndi cha katundu yekhayo amene bungwelo lamuvomereza.

Tikupempha kuti pofika pa msonkhano wathu wotsatira, aliyense akhale ataunika zomwe anaika kale, achotse zopanda chilolezo, ndipo abwere ndi madiresi awiri tidzajambule tokha panja, dzuwa lisanakwere.